Abwana sakundipatsa tsiku: kodi n'mwano kuwatchulira nthawi zitatu?

"Zikomo mayi. Ine ndimakhala ku Area 25 ku Lilongwe ndipo ndimapanga chiponde cha m'mabotolo. Mwezi watha ndinakumana ndi manijala woona zogula katundu pa shopu ina yaikulu m'tauni. Analawa chiponde changa, n'kundipatsa nambala yawo kuti tidzakambirane. Ndawalembera katatu pa WhatsApp kuti, 'Bwana, mundiuze tsiku limene muli ndi mpata, ine nthawi iliyonse ndibwera.' Koyamba anayankha kuti, 'Chabwino, ndikuuzani.' Kawiri kenaka angowerenga osayankha. Mnzanga akuti ndiwatchulire nthawi zitatu asankhepo imodzi, koma ine ndikuopa. Wopempha ndine, ndiye ndiyambe kuwaikira nthawi akuluakulu? Si mwano umenewo? Ngati n'zololeka, ndilembe bwanji?"

Mayi, mtima m'malo. Palibe chimene mwawononga, ndipo mnzanuyo wakulangizani bwino. Ine ndinagwira ntchito ya ulembi mu ofesi zaka zoposa makumi awiri, ndipo gawo lalikulu la ntchito yanga linali kusunga dayale ya abwana: ndani akumana nawo, liti, kwa mphindi zingati. Mapempho ngati anuwa ndawaona ambiri akufika patebulo, ndipo ndinkaona ndi maso amene ankayankhidwa tsiku lomwelo ndi amene ankagonera m'thireyi mpaka kuiwalika.

Taganizirani komwe meseji yanu imawapeza abwanawo. Manijala wogula katundu sakhala pampando. Foni imalira ali kuseri kwa shopu, lole yaima, anyamata akutsitsa makatoni, iye akuwerenga kuti aone ngati zikugwirizana ndi zimene zalembedwa pa pepala. Akutsegula meseji yanu ndi dzanja limodzi. Kuti akuyankheni, afunika atsegule kalendala yake, ayang'ane sabata yonse, aganize kuti nkhani yanu ingatenge nthawi yotalika bwanji popeza simunanene, asankhe tsiku, kenaka alembe. Zonsezo sangachite ali chiimire, ndiye amanena mumtima kuti ndiyankha ndikakhala pansi. Pofika madzulo meseji yanu yakwiririka ndi ena makumi atatu. Mawu akuti "nthawi iliyonse" kwa inu akumveka aulemu, ndipo cholinga chanu chinali chomwecho, koma kwa wolandirayo ndi ntchito imene mwamusenzetsa. Abwana anga ankachita chimodzimodzi. Kalata yopempha kukumana yopanda tsiku ankaiika pambali n'kunena kuti tiona. Kalata imene yatchula masiku ankatenga cholembera pompo, kuzunguliza tsiku limodzi, n'kundipatsa kuti ndiyankhe. Sikuti munthu wachiwiriyo anali wofunika kuposa woyamba. Kalata yake inali yosavuta kuimaliza.

Tsono za mwano zija. Mwana akamapereka madzi osamba m'manja kwa akulu, sapita chimanjamanja kukafunsa kuti musamba ndi chiyani. Amafika ndi beseni, jagi ndi kansalu, n'kugwada, wamkuluyo amangotambasula manja. Kutchula nthawi zitatu n'chimodzimodzi: ntchito yoganiza mwaigwira inu, kwa abwana kwatsala kuloza chala. Mwano umabwera pamene mwatchula nthawi imodzi ngati lamulo, monga kulemba kuti "Ndibwera Lachiwiri 9 koloko," kapena pamene mwatchula zitatuzo koma osasiya khomo loti iwo atchule yawo. Mukalemba mopempha, ndi "chonde" wake ndi "ngati n'kotheka" wake, n'kumaliza ndi mawu oti ngati zonsezi sizingatheke atchule okha, palibe wamkulu wa mu ofesi amene angakhumudwe. Pa zaka zonse zija sindinamvepo abwana akudandaula kuti munthu wawatchulira masiku. Chimene ankadandaula nacho ndi anthu ongotulukira pakhomo osapangana.

Mwina mukufunsa kuti bwanji zitatu, osati imodzi kapena zisanu. Nthawi imodzi ili ndi mayankho awiri okha, eya kapena ayi, ndipo akati ayi mwabwerera pomwe munayambira. Tiyerekeze kuti theka la nthawi ya abwanawo limakhala lotanganidwa. Mukatchula nthawi imodzi, mwayi woti mwawapeza ali ndi mpata ndi umodzi pa iwiri. Mukatchula ziwiri, ndi itatu pa inayi. Mukatchula zitatu, ndi 7 pa 8. Yachinayi ndi yachisanu zimangowonjezera pang'ono, koma zimakudyerani zambiri, chifukwa nthawi iliyonse imene mwatchula muyenera kuisunga osaikapo china mpaka yankho litabwera, ndipo inu muli ndi mtedza wokazinga ndi makasitomala okudikirani. Komanso mndandanda ukatalika, wowerengayo amabwereranso kokatsegula kalendala n'kuyamba kufananitsa, paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Zitatu munthu amaziona ndi diso limodzi pa foni, ndipo kawirikawiri amadziwa pamtima kuti iyi ayi, iyi ingatheke.

Koma masamu amenewa amagwira ntchito pokhapokha ngati nthawi zitatuzo n'zosiyanadi, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya. Munthu amalemba kuti Lachiwiri 9 koloko, 10 koloko kapena 11 koloko, n'kumaona ngati wapereka zitatu. Wapereka imodzi. Ngati abwana Lachiwiri ali ku Blantyre, zonse zitatu zafera limodzi. Chimodzimodzi mukatchula masiku atatu osiyana koma onse 8 koloko m'mawa: ngati m'mawa uliwonse amalandira malole, palibe imene ingatheke. Choncho siyanitsani zinthu ziwiri, tsiku ndi mbali ya tsiku. Lina likhale m'mawa, lina masana, ndipo limodzi likhale sabata inayo, kuti ngati sabata ino yonse yawaipira, chifukwa cha ulendo kapena kuwerenga katundu, pakhale pothawira.

Tiyeni tichite limodzi ndi kalendala m'manja. Tiyerekeze kuti mukulemba Lachinayi pa 9 Okutobala. Musatchule mawa lake. Munthu amene wakhala milungu itatu osakuyankhani akhoza kutsegula meseji yanu mochedwa, ndipo nthawi yoyamba ikadutsa asanaiwerenge, mwatsala ndi ziwiri. Siyani masiku awiri kapena atatu a ntchito pakati. Lolemba m'mawa ndimapewanso, chifukwa maofesi ambiri amayamba sabata ndi msonkhano wa ogwira ntchito, ndipo m'shopu amakhala akuona zimene zatha m'mashelefu Loweruka ndi Lamulungu. Ndiye yoyamba ikhale Lachiwiri pa 14. Lachitatu pa 15 Okutobala ndi Tsiku la Anakubala, tsiku la tchuthi. Shopu ikhoza kutsegula koma a mu ofesi mwina sabwera, ndiye lidumpheni. Kuyang'ana masiku a tchuthi kumaoneka kochepa, koma munthu akatchula 6 Julayi kapena 3 Malichi ngati tsiku la ntchito, wolandirayo amaona kuti sanaganize mofatsa. Yachiwiri ikhale Lachinayi pa 16 masana. Lachisanu masana musaliwerengere: ngati abwanawo ndi Msilamu amapita ku mzikiti, ndipo ngakhale si Msilamu, anthu ambiri maganizo amakhala atapita kale kunyumba, pamene shopu imakhala itadzaza ndi ogula. Yachitatu ikhale sabata inayo, Lachiwiri pa 21 m'mawa kusanafike nkhomaliro. Musapitirire kufika kumapeto kwa mwezi, anthu akalandira malipiro, chifukwa nthawi imeneyo wa m'shopu sapuma.

Kenaka yang'anani mbali yanu, moona mtima. Kuchoka ku Area 25 kukafika m'tauni pa minibasi m'mawa, ndi kudikira kuti idzaze komanso mzere wa magalimoto pa msewu wa M1, si ulendo woti mungalonjeze 8 koloko muli ndi ana owaperekeza kusukulu. Musatchule nthawi imene kuti muikwanitse pafunika zonse zikuyendereni bwino. Tchulani 10 koloko, mukafike ndi mphindi khumi ndi zisanu zopumira ndi kupukuta thukuta, mabotolo ali bwinobwino. Munthu amene wasankha yekha nthawi n'kuchedwa amaoneka moipa kuposa amene wapatsidwa nthawi ndi wina.

Meseji yake ikhoza kukhala yotere:

"Mwadzuka bwanji bwana. Ndine mayi wa chiponde wa ku Area 25, amene munalawa chiponde chake mwezi watha. Ndikupempha mphindi 15 zokha ku ofesi kwanu kuti ndikuonetseni mabotolo ndi mitengo. Chonde, mwa nthawi izi, ndi iti imene ingakukomereni?

1. Lachiwiri pa 14 Okutobala, 10 koloko m'mawa
2. Lachinayi pa 16 Okutobala, 2 koloko masana
3. Lachiwiri pa 21 Okutobala, 11 koloko m'mawa

Mukhoza kungoyankha ndi nambala. Ngati zonsezi sizingatheke, tchulani tsiku lanu, ine nditsatira. Zikomo kwambiri."

Onani kuti mwayamba ndi kuwakumbutsa kuti ndinu ndani. Musaganize kuti nambala yanu anaisunga. Anthu obweretsa katundu amene amawalembera ndi ambiri, ndipo kachiganizo kamodzi kokumbutsa za chiponde chimene analawa kamawabwezera nkhope yanu. Musatchule za mameseji awiri amene sanayankhe aja. Mukayamba ndi "monga ndinakulemberani kale," munthu amamva kuti akudzudzulidwa, amachita manyazi, ndipo wamanyazi amazemba kuyankha.

Mphindi 15 zija ndi mawu amene ndimawaona ofunika kwambiri mu meseji yonse, kuposa ngakhale masikuwo. Munthu wotanganidwa saopa kukumana nanu, amaopa kuti mukakhala pansi simudzuka. Akadziwa kuti ndi kotala ya ola, amapeza pokulowetsani ngakhale tsiku lothina. Koma mukalonjeza 15, isungeni. Ikakwana, nenani nokha kuti bwana nthawi imene ndinapempha yatha. Akafuna kupitiriza adzakuuzani okha kuti khalani, ndipo ulendo wina adzakupatsani nthawi mosavuta. Mwatchulanso malo, ku ofesi kwawo, kuti pasabwere funso lina loti tikumana kuti. Cholinga ndi chakuti pasatsale chilichonse chofunsana, yankho lawo likhale nambala imodzi basi.

Pa nthawi iliyonse lembani zitatu: dzina la tsiku, deti ndi ola. Chichewa chathu cholankhula chili ndi mawu amene pakamwa amamveka bwino koma polemba amasokoneza. "Lachinayi likubwerali" mukalilemba Lachinayi, wina amva la sabata ya mawa, wina akaliwerenga Lachisanu sadziwa kuti munkatanthauza liti. "Mawa" ndi "mkuja" amasintha tanthauzo meseji ikagona. "Chakumasana" chimayambira 12 koloko kukafika 3 koloko, ndipo "cha m'ma 10" chimapatsa aliyense ufulu wochedwa. Mukalemba tsiku ndi deti limodzi, onetsetsani pa kalendala kuti zikugwirizana. Kulemba "Lachinayi pa 17" pamene 17 ndi Lachisanu kumabala funso, ndipo funso limeneli ndi lomwe timafuna kupewa. Nthawi iliyonse ikhale pa mzere wakewake ndi nambala yake, osaziphatikiza m'chiganizo chimodzi chachitali. Ndipo chonde, nkhani yotere musaitumize ngati mawu ojambula. Munthu ali pakati pa anthu sangamvetsere, ndipo ngakhale amvetsere sangabwerere kukafufuza kuti deti lachiwiri munati liti. Ngati abwanawo mumalankhula nawo Chingerezi, lembani m'Chingerezi, kakonzedwe kake n'komweka.

Mukatumiza, tengani dayale kapena kabuku kanu, mulembe nthawi zitatu zonsezo ndi pensulo. Kuyambira pamenepo si zanunso, mwazipereka. Pano ndili ndi nkhani imene sindiiwala. Ndili wachitsikana pantchito, abwana anandituma kuti ndipangane ndi anthu awiri osiyana sabata imodzi. Pofuna kufulumira, ndinawatumizira onse awiri nthawi zitatu zofanana, poganiza kuti sangasankhe imodzimodzi. Onse anasankha Lachitatu 10 koloko. Mmodzi anali atayenda ulendo wautali kuchokera kumudzi, ndipo anakhala pabenchi ola lathunthu akudikira mnzake atuluke. Nkhope ya bambo uja ndimaikumbukabe. Kuyambira tsiku limenelo, ndikamapangana ndi anthu angapo, aliyense ndimamupatsa nthawi zakezake, kapena ndimayamba ndi mmodzi, akasankha, zotsalazo n'kupereka kwa wina. Inunso ngati mukulembera mashopu awiri kapena atatu, chitani chomwecho. Woyamba akhale amene mukumufunitsitsa.

Ena amawonjezera mzere wonena kuti nthawizi ndizisunga mpaka tsiku lakuti. Pakati pa anthu ofanana, kapena pamene inu ndinu wofunidwa, monga telala kapena mmisiri amene makasitomala akumulimbirana, mzere umenewu ndi wabwino ndipo umathandiza. Koma kwa inu, polembera munthu amene mukumupempha, ine ndingausiye. Ukhoza kumveka ngati mukuwaopseza. Malire muwasunge mumtima mwanu ndi m'kabuku: ngati pofika Lolemba masana sanayankhe, ya Lachiwiri ija muyesa kuti yapita.

Tsono mayankho amene angabwere ndi angapo, ndipo lililonse lili ndi chonena chake. Akayankha kuti "2", musangoti zikomo. Bwerezani zonse mu mzere umodzi: "Zikomo bwana, ndifika Lachinayi pa 16 Okutobala, 2 koloko masana, ku ofesi kwanu." Mukatero, ngati anadina nambala yolakwika kapena anawerenga mothamanga, ziwonekera pompo. Fufutani ziwiri zija m'kabuku, yotsalayo muilembe ndi bolopeni. Tsiku lisanafike, chakumadzulo kwa Lachitatu kapena m'mawa wa Lachinayi, tumizani kachikumbutso kakafupi koti mukubwera monga munapangana. Kachikumbutsoko kasakhale funso loti "kodi tikumanabe?", chifukwa funso lotere limatsegulira munthu wotopa njira yoti asinthe. Ingonenani kuti mufika 2 koloko. Ngati pagwa china adzakuuzani, ndipo mudzapulumutsa ndalama ya minibasi.

Akayankha kuti zonsezi sizitheka koma bwerani Lachitatu linalo, sangalalani, njirayo yagwira ntchito. Nthawi zanu zitatu zawachititsa kutsegula kalendala, ndipo munthu amene wakana deti n'kutchula lake akufunadi kukuonani. Landirani tsiku lawolo ngati mungathe, ngakhale likusokonezereni zina. Akangoti "sabata imeneyo sindiliko" osatchula lina, funsani kuti abwerako liti, kenaka mutumize zitatu zatsopano za sabata imeneyo, koma musaike tsiku loyamba limene abwerera kuntchito, chifukwa amapeza mulu patebulo.

Akakhala chete, dikirani masiku awiri a ntchito. Kenaka lembani kamodzi, mwachidule, ndipo musangoti "bwana ndikudikirabe." Ngati yoyamba yadutsa, ichotseni, muikepo ina, kuti akhalenso ndi zitatu zamoyo pamaso pawo osafunika kukwera m'mwamba kukafufuza meseji yakale. Nthawi yotumizira nayonso ili ndi kanthu. Meseji ya usiku imawerengedwa munthu ali pabedi, kalendala ili kutali, ndipo m'mawa imaoneka ngati yowerengedwa kale. Ine ndinkaona kuti mapempho ofika pakati pa 9 ndi 11 koloko m'mawa, pakati pa sabata, ndiwo ankayankhidwa msanga kwa abwana anga.

Zimachitikanso kuti mwapangana bwinobwino, tsiku lafika, abwana apita kumaliro. Kuno kwathu zimenezi palibe amene angazipewe, ndipo si chizindikiro choti akukuzembani. Pepesani kaye, meseji ya chipepeso ikhale payokha, musaphatikizemo za chiponde. Padutse masiku atatu kapena anayi, kenaka mutumize nthawi zina zitatu. Ngati wolephera ndinu, uzani munthu msanga mukangodziwa, ndipo mu meseji yomweyo ikanimo nthawi zatsopano, chifukwa amene wasokoneza pangano ndiye ayenera kusenza ntchito yolikonzanso.

Ndikuuzeninso malire a njirayi, kuti musaiyembekezere zimene singathe. Imachotsa vuto limodzi lokha, la kusankha tsiku. Siingasandutse munthu wosafuna kukhala wofuna. Inu muli pabwino chifukwa abwanawo analawa katundu wanu n'kukupatsani nambala okha, kutanthauza kuti kukumanako anavomera kale, chatsala ndi tsiku. Koma kwa munthu amene sakukudziwani n'komwe, kumuponyera madeti mu meseji yoyamba kumakhala kudumpha. Yambani mwadzidziwitsa ndi kufunsa ngati angalole kukumana, akalola ndiye mutchule nthawi. Ndipo ngati mwatumiza zitatu kawiri konse, yankho n'kumangokhala "tionana" kapena "ndikuuzani," dziwani kuti vuto si kalendala. Mwina shopu ili kale ndi wobweretsa chiponde, mwina iwo alibe mphamvu yovomereza katundu watsopano ndipo akuchita manyazi kunena, mwinanso pali zofunika zina, monga chiphaso cha bungwe la MBS loona za miyezo ya katundu, zimene akuganiza kuti mulibe. Pamenepo meseji ina siithandiza. Funso lisinthe, mufunse kuti, "Bwana, kodi pali zimene ndiyenera kukonza kaye, kapena pali wina amene ndiyenera kumuona?" Funso limeneli limamupatsa munthu njira yonenera zoona popanda kukukhumudwitsani.

Palinso malo amene njirayi siyenera kulowa. Kwa mfumu simutumiza manambala atatu, mumadzera kwa nduna zake ndipo tsiku limachokera kumeneko. Nkhani za chinkhoswe ndi za banja zili ndi ankhoswe ake. Kuchipatala, kukhoti kapena pamene akuitanani kukayesedwa pofuna ntchito, nthawi amatchula ndi iwo, pokhapokha atakufunsani okha kuti mungapezeke liti. Akakufunsani choncho, musayankhe kuti nthawi iliyonse, apatseni zitatu. Gulu likakula, monga komiti ya anthu khumi, nthawi zitatu zimagwirabe ntchito koma osati kuti aliyense asankhe imodzi, chifukwa mudzapeza atatu uku, anayi uku. Pamenepo muwauze kuti aliyense atchule zonse zimene angathe, kenaka mutenge imene ili ndi anthu ambiri. Pa gulu la WhatsApp pali njira yoponyera mavoti imene imalola munthu kusankha zingapo, ndipo imachepetsa phokoso.

Popeza malonda akakula mudzayamba kulankhula ndi akunja, kapena abale amene ali kutali, sungani ichi. Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa ali pa ola limodzi, choncho 10 koloko ya ku Lilongwe ndi 10 koloko ya ku Joni. Tanzania ndi Kenya ali patsogolo pathu ndi ola limodzi. Ku Britain amasintha mawotchi kawiri pachaka: kuyambira Lamulungu lomaliza la Malichi kufika Lamulungu lomaliza la Okutobala ali m'mbuyo mwathu ndi ola limodzi, miyezi yotsalayo ali m'mbuyo ndi maola awiri. Mukamapangana kuimbirana foni ndi wa kumeneko, lembani nthawi ya kwawo, ya kwathu muiike pambali pake, ndipo munene kuti iyi ndi ya kuti.

Chomaliza ndikuuzani monga munthu amene anakhala pa tebulo la pakhomo la abwana. Ngati manijalayo ali ndi mlembi, kapena kalaliki amene amakhala pa ofesi yolandirira katundu, munthu ameneyo ndiye amadziwa sabata ya abwana kuposa abwana eni ake. Paja safunsa anadya phula. Musanasankhe n'komwe nthawi zanu zitatu, ngati muli ndi ulendo wa m'tauni, dutsani pa shopupo, mupereke moni bwinobwino, mufunse kuti abwana amaona obweretsa katundu masiku ati, ndipo malole amafika nthawi yanji. Mashopu ena ali ndi tsiku loikika la zimenezi. Mukamva kuti ndi Lachiwiri ndi Lachinayi masana, ndiye kuti nthawi zanu zonse zitatu muzitenge mmenemo, zimene ndakupatsani pamwambazi muzisinthe. Ndipo ngati meseji yachiwiri yapita osayankhidwa, lembani nthawi zitatuzo pa kapepala kaukhondo ndi dzina lanu ndi nambala yanu, mumangirire ku botolo limodzi la chiponde, musiye kwa mlembiyo. Mumupemphe kuti abwana akazunguliza imodzi akuimbireni, ndipo mufunse dzina lake kuti mukadzaimba Lachisanu m'mawa mudzadziwe womufunsa.